Kalulu pa masamba 24: mmene nthano ya pakamwa imasandukira kabuku ka mwana

Yesani kujambula mawu a munthu wodziwa kusimba nthano, kenako mulembe ndendende zonse zimene wanena. Mukawerenga mudzadabwa. Nthano imene inakusekesani mpaka misozi, papepala imaoneka yozizira, yobwerezabwereza, ndipo malo ena simudziwa kuti akulankhula ndani. Wosimbayo sanalakwitse kanthu. Kungoti theka la nthano silinali m'mawu ake. Linali m'manja mwake pamene amaonetsa kukula kwa Njovu, m'maso mwake pamene amatsinzinira ana, m'kusintha kwa liwu pamene Fisi akulankhula, ndiponso mwa omvera amene amati "tili tonse" ndi kuvomera nyimbo. Pepala lilibe manja, lilibe liwu, ndipo silingaone kuti mwana wasokonezeka n'kubwerera m'mbuyo. Choncho wolemba nthano ya ana amayenera kufunsa kuti: ntchito imene wosimba ankagwira ndi thupi lake, tsopano aigwira ndani?

Titenge nthano imodzi kuti tione bwino. Ndi ija ya Kalulu ndi chitsime, imene imasimbidwa m'zinenero zambiri za mu Afirika, aliyense mwa njira yake. Kunagwa chilala. Nyama zinapangana kukumba chitsime, Kalulu anakana. Madzi atatuluka, nyama zinalamula kuti Kalulu asamwe, ndipo zinaika mlonda. Kalulu anabwera ndi uchi, namulawitsa mlondayo pang'ono, n'kumuuza kuti uchi umenewu amadya okhawo omangidwa. Mlonda analola kumangidwa, Kalulu anamwa madzi, nasamba, n'kuwavundula. Anatero ndi mlonda wachiwiri, wachitatu, mpaka Kamba anadzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee m'mphepete mwa madzi ngati mwala. Kalulu anapondapo, nakanirira. Nyama zinamuweruza kuti afe, koma iye anazipusitsanso n'kuthawa, mchira wake n'kutsala m'manja mwa womugwira.

Musanalembe liwu limodzi, dziwani kaye kuti adzawerenge ndani. Pali mabuku awiri osiyana amene anthu amawasokoneza. Lina ndi loti wamkulu awerengere mwana wa zaka 3 kapena 4 ali pamiyendo. Limeneli likhoza kukhala ndi mawu olemera, chifukwa mwana amamva mawu ambiri kuposa amene angathe kuwerenga. Lina ndi loti mwana wa zaka 6 kapena 7, amene wangophunzira kuphatikiza malembo, awerenge yekha akuloza ndi chala. Limeneli ndiye lovuta kulemba, ndipo ndi limene tikambirane pano. Mwana ameneyu nzeru zake zonse zimathera pa kutchula maphatikizo. Akafika kumapeto kwa chiganizo chachitali amakhala ataiwala poyambira.

Ndikakhala ndi nthano, ndimayamba ndi kuimva kwa anthu awiri kapena atatu, osati mmodzi. Mwa wina alonda amakhala asanu, mwa wina atatu. Wina amati Kalulu anabwera ndi uchi, wina amatchula chotsekemera china. Wina amawonjezera kuti Kamba yemweyo ndiye anatulutsa madzi zilombo zazikulu zitalephera. Zimene zikusintha kuchokera pakamwa pa uyu kupita pa uyo ndi zovala za nthano, mukhoza kuzivula. Zimene zikupezeka mwa onse ndiye mafupa ake. Mu nthano yathu mafupa ndi awa: Kalulu akana ntchito, aletsedwa madzi, apusitsa amphamvu, agwidwa ndi wonyozeka, apulumuka koma atataya kanthu.

Pali njira yosavuta yoyesera ngati mafupawo ndi olumikizana. Nenani nthano yonse mokweza, ndipo pakati pa zochitika ziwiri zilizonse muike mawu oti "chifukwa cha ichi". Kalulu anakana kukumba, chifukwa cha ichi analetsedwa kumwa. Analetsedwa, chifukwa cha ichi panaikidwa mlonda. Mukafika pamene "chifukwa cha ichi" sakukwanira, ndipo mukungotha kunena "kenako", pamenepo pali chimodzi mwa ziwiri: mwina chochitikacho n'chongokometsera ndipo chichoke, kapena mwadula mfundo imene inkalumikiza.

Izi zinandionekera ine ndemwe. Pofuna kufupikitsa, ndinachotsa mawu aja a Kalulu oti uchi amadya okhawo omangidwa. Ndinangolemba kuti Kalulu anapatsa uchi Fisi, mlonda woyamba, tsamba lotsatira Fisi ali womangidwa. Mtsikana wa zaka 6 amene ankawerenga anaima, natembenuza tsamba kubwerera m'mbuyo, nayang'ana ngati masamba awiri amamatirana. Kenako anafunsa kuti, "Nanga Fisi ndi wamkulu, Kalulu wamumanga bwanji?" Chiganizo chimodzi chimenecho ndicho chinkanyamula nthano yonse. Popanda icho Kalulu sakhalanso wochenjera, amangokhala wamphamvu zosadziwika kochokera, ndipo dyera la Fisi silioneka n'komwe.

Tsopano pepala lenilenilo. Kabuku kopinda pakati kamakhala ndi masamba ogawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi lopindidwa limapereka masamba anayi. N'chifukwa chake timabuku ta ana timakhala ta masamba 16, 24 kapena 32, ndipo 32 ndiwo ofala kwambiri m'mabuku a zithunzi. Tinene kuti tasankha 24. Masamba atatu oyamba apita ku mutu wa buku ndi mayina a olemba ndi ojambula. Nthano iyamba pa tsamba 4 n'kufika pa 23, ndipo tsamba 24 likhala la chithunzi chomaliza. Mwana akatsegula buku amaona masamba awiri nthawi imodzi, lakumanzere ndi lakumanja, choncho timawerenga awiriawiri. Kuyambira 4 mpaka 23 ndi malo 10 otsegula. Nthano imene wosimba amaitambasula kwa mphindi 20 iyenera kukwana m'malo khumi amenewa, ndipo pamalo alionse pachitike chinthu chimodzi chokha chotheka kuchijambula.

Poyamba pakhale chilala. Pachiwiri nyama zikukumba, Kalulu wagona pamthunzi. Pachitatu madzi atuluka, lamulo laperekedwa. Fisi atenga malo awiri, achinayi ndi achisanu, chifukwa ndi pamene mwana akuphunzira mmene chinyengo cha Kalulu chimayendera, ndipo pafunika kusathamanga. Mkango utenga malo amodzi okha, achisanu ndi chimodzi, popeza mwana akudziwa kale zimene zichitike. Otsala anayi ndi a Kamba: adzipereka nyama zikumuseka, Kalulu aponda "mwala", Kamba amunyamula kupita naye kwa nyama, Kalulu athawa. Pa tsamba 24 pali Kalulu yekha akucheukira kumbuyo kwake, palibe mawu.

Mwaona kuti alonda atsala atatu. Asanu aja amakoma pakamwa chifukwa wosimba amasintha liwu pa aliyense, ndipo ana amaimba nawo. Papepala asanu amatopetsa. Koma musatsike mpaka awiri. Woyamba amaphunzitsa mwana njira, wachiwiri amamutsimikizira kuti waidziwa, wachitatu amaiswa. Mukachotsa wachiwiri, mwana sakhala ndi chimene akuyembekezera, ndiye Kamba akapambana sadabwa. Posankha wachiwiri tengani woposa woyamba. Fisi akapusitsidwa mwana amaseka, Mkango ukapusitsidwa amayamba kufunsa kuti ndani angamuthe Kalulu, ndipo funso limenelo ndilo limamukonzekeretsa kulandira Kamba.

Kubwereza ndi chinthu chimene olemba ambiri amachotsa msanga, poti kusukulu tinaphunzira kuti wolemba wabwino sabwereza mawu. M'buku la mwana woyamba kuwerenga ndi zosiyana. Mawu a Kalulu kwa Fisi ndi mawu ake kwa Mkango akhale amodzimodzi, lembo ndi lembo:

"Uchi, uchi, uchi wokoma.
Amadya ndi omangidwa."

Ulendo woyamba mwana amavutika nawo, akutchula o-ma-ngi-dwa pang'onopang'ono. Ulendo wachiwiri amawazindikira ndi maso n'kuwanena mothamanga, ndipo nkhope yake imasintha chifukwa wawerenga mzere wonse osapunthwa. Mizere iwiriyi ikugwiranso ntchito ya nyimbo. Maimbidwe ake sangalembeke, koma mukaika mizereyo payokha, ndi malembo okulirapo, pamalo omwewo a tsamba nthawi zonse, owerenga amaipatsa okha nyimbo. Musasinthe ngakhale liwu limodzi pofuna kukometsa. Mukalemba "wokoma" apa, "wotsekemera" apo, mwamulanda mwana chimene anali atagwira kale.

Ntchito ya kupuma kwa wosimba, pamene amaima kaye ana n'kutsegula maso, imagwiridwa ndi kutembenuza tsamba. Chodabwitsa chilichonse chikhale kuseri kwa tsamba, osati kumanja kwa malo amene mwana watsegula, chifukwa mwana amaona chithunzi asanawerenge mawu. Choncho malo achisanu ndi chitatu athere pa mawu oti, "Kalulu anaponda mwala. Phazi linakanirira." Mwana atembenuze, ndiye apeze mwalawo watulutsa mutu ndi miyendo, ukuyenda ndi Kalulu pamsana.

Ntchito ya manja ndi nkhope imapita kwa wojambula, ndipo apa wolemba aphunzire kusiya. Palibe chifukwa cholemba kuti Fisi anali wadyera ngati chithunzi chikumuonetsa dovu likuchucha. Ulimbo ndi chitsanzo chabwino. Uyenera kuoneka Kalulu asanakanirire, apo ayi mwana adzaona ngati matsenga. Koma mukalemba poyera kuti "Kamba anadzipaka ulimbo kuti agwire Kalulu", mwaulula zonse. Ine ndimasiya mawu azingonena kuti nyama zinamuseka Kamba, ndipo pakona ya chithunzi pakhale kamphika ka ulimbo ndi msana wa Kamba ukunyezimira. Mwana wa maso akuthwa amaona, ndipo amakhala ndi chinsinsi chimene Kalulu alibe. Wina amene sanaone amabwerera m'mbuyo pambuyo pake n'kuchipeza. Ngati mukukayika kuti owerenga anu amadziwa ulimbo, onjezani chiganizo chimodzi chachifupi pamene Kalulu wakanirira: "Pamsana pa Kamba panali ulimbo womata."

Tifike pa ziganizo. Wosimba akhoza kunena motere: "Ndiyetu atafika pachitsime paja, Kalulu, poona kuti amene akulondera tsiku limenelo ndi Fisi, anangotulutsa kachikho kake ka uchi kaja n'kuyamba kunyambita chala, uku akuyang'ana kumbali ngati sakumuona." Ndi chiganizo chokoma, cha mawu 27, ndipo m'khutu chimayenda ngati madzi. Kwa mwana woloza ndi chala ndi phiri. Papepala chikhoza kukhala chotere:

Kalulu anafika pachitsime.
Anapeza Fisi akulondera.
Kalulu ananyambita uchi.
"Kukoma!" anatero Kalulu.

Mawu ndi 12, m'ziganizo zinayi, chilichonse pamzere wake. Kuyang'ana kumbali kuja kwapita m'chithunzi. Malo alionse otsegula akakhala ndi mawu 15 mpaka 20, kabuku konse kamakwana mawu osapitirira 200.

Komabe kuwerenga mawu kokha kumanyenga m'Chichewa. Malangizo ambiri olembera mabuku a ana anapangidwira zinenero za mawu aafupi, ndipo amangoti chiganizo chisapitirire mawu akutiakuti. Ife mneni wathu mmodzi amanyamula wochita, nthawi, wochitiridwa ndi zina. "Akanamumangirira" ndi liwu limodzi, koma lili ndi maphatikizo 8. "Anadzadzidzimuka" lili ndi 7, ndipo atatu apakati, dza-dzi-dzi, amafanana moti maso a mwana amasochera. Choncho werengani maphatikizo. Mneni wa maphatikizo anayi kapena asanu monga "anamanga" ndi "anathawa" amatheka. Woposa apo ayenera kukhala ndi chifukwa, ndipo abwerezedwe kuti mwana amuzolowere. Yang'aninso maphatikizo a malembo ambiri ngati "nkhwa", "mphwa" ndi "ntche", amene ana amawaphunzira mochedwa. Simungawapewe onse, ndipo musasinthe dzina la chinthu pongowathawa, koma asaunjikane pamzere umodzi.

Vuto lina ndi lobisika kwambiri. Taonani chiganizo ichi: "Atamulawitsa anamupempha kuti amumange." Walawitsa ndani, wapempha ndani, amange ndani? Mphatikiram'mbuyo "a-" amaimira Kalulu, amaimira Fisi, amaimiranso anthu ambiri ndi munthu wolemekezeka. Wosimba savutika nazo chifukwa amatembenukira kumanzere akakhala Kalulu, kumanja akakhala Fisi. Papepala bwerezani mayina ngakhale zioneke zolemetsa: "Fisi analawa uchi. Fisi anati, 'Ndimange!' Kalulu anamanga Fisi nganganga." Sankhaninso njira imodzi ya nthawi yakale, "anapita" kapena "adapita", ndipo muisunge mpaka kumapeto. Ngati mwayamba ndi "a Mkango anati", musadzalembe "Mkango unati" patsogolo. Wamkulu saona kusiyana, koma mwana amatha kuganiza kuti kwabwera nyama ina.

Mivekero, monga "nganganga" uja, "phee" ndi "khuvu", musaitaye poganiza kuti ndi chilankhulo cha pakamwa chosayenera m'buku. Ndi yaifupi, imawerengeka mosavuta, ndipo imabweza m'buku liwu la wosimba. "Kalulu analumphira m'madzi, khuvu!" Miyambi ndi imene ndimachotsa. Mwambi umafuna munthu amene waona moyo pang'ono kuti aumasulire, ndipo mwana wa zaka 6 amaumva monga momwe mawu akunenera.

Nanga za imfa? M'masimbidwe ambiri nyama zimakambirana mwatsatanetsatane mmene zimuphere Kalulu. Kufewetsa nthano pozilemba si chinthu chatsopano. Abale awiri a ku Jeremani, Jacob ndi Wilhelm Grimm, anatulutsa nthano zimene anasonkhanitsa koyamba mu 1812, ndipo anapitiriza kuzikonza mpaka kusindikiza kwachisanu ndi chiwiri mu 1857. M'nthano yawo ya mtsikana wodyetsedwa apulo wa poizoni, wankhanzayo poyamba anali mayi wake womubala. Pofika 1819 anamusandutsa mayi womupeza. Nthano inaleka kuopseza ana za amayi awo, koma katundu wake anasenzetsedwa amayi opeza. Ndimakumbukira zimenezi nthawi zonse ndikafuna kusintha kanthu, chifukwa chimene wachotsa apa nthawi zambiri chimakagwera wina.

Kwa Kalulu ndimachita motere. Ngozi ndimaisiya, tsatanetsatane wake ndimachotsa. Mwana ayenera kudziwa kuti Kalulu ali m'mavuto enieni, apo ayi kuthawa kwake kulibe tanthauzo. Chiganizo choti "Nyama zinakwiya. Njovu inagwira Kalulu mchira" chikukwana. Palibe magazi m'chithunzi: Njovu yatsala ndi ubweya wa mchira pachitamba, Kalulu ali patali. Chimene sindilola ndi kumusandutsa Kalulu mwana wabwino, kuti apepese, akumbe chitsime chake, nyama zonse zimukumbatire. Ameneyo sakhalanso Kalulu, ndipo ana amadziwa kuti wanamizidwa. Nthano yaweruza kale mwa njira yake: waulesi wapulumuka koma wataya mchira, amphamvu agwa ndi dyera, ndipo amene anasekedwa ndiye wagwira ntchito. Ngati mphunzitsi kapena kholo akufuna pokambirana, ikani funso limodzi kuseri kwa chikuto, monga lakuti "Kodi Fisi analola kumangidwa chifukwa chiyani?" Ndime ija yoyamba ndi "nthano iyi ikutiphunzitsa kuti" ana saiwerenga, amakhala atatseka kale buku.

Za umwini ndi zachidule. Nthano ya makolo ilibe mwini mmodzi, koma mawu amene munthu wina anailembera m'buku lake ndi ake, pamodzi ndi zithunzi. Lembani kuchokera pa zimene mwamva, ndi mawu anu. Amene anakusimbirani mumupemphe chilolezo, ndipo dzina lake lilembedwe pa tsamba la mutu, kuti anasimba ndi uje, analemba ndi uje.

Musanapereke ntchito kwa wojambula, pindani mapepala asanu ndi limodzi pakati kuti mupeze masamba 24, mulembe mawu pamalo pake, mujambule timitengo ndi timizere poimira nyama. Mupatse mwana wa msinkhu womwe mukulembera, osati wanu amene waimva kale nthanoyo kambirimbiri. Khalani pambali ndi pensulo, osamuthandiza msanga. Liwu lililonse limene wapunthwapo ikani kadontho. Madontho akaposa limodzi pa mawu khumi alionse, bukulo lamukulira, ndipo akupunthwa kwambiri moti sakutsatira nkhani. Akapunthwa pa liwu lomwelo ulendo wachitatu, liwulo lisinthidwe. Onani ngati afika pa "uchi, uchi" wachiwiri n'kuthamanga, onaninso ngati dzanja lake lifulumira kutembenuza tsamba Kalulu ataponda mwala.

Akamaliza tsekani kabukuko mumuuze kuti akusimbireni. Musamufunse ngati wakonda, chifukwa ana amavomera kuti akusangalatseni. Mverani mawu amene akulumikizira zochitika. Akamati "kenako Fisi anamangidwa, kenako kunabwera Mkango, kenako Kamba", waona zithunzi zotsatana koma mfundo ina yaduka, ndipo malo amene wadumpha kapena kusokoneza ndi amene muyenera kukonza. Mtsikana uja nditabwezeretsa mzere wa uchi anawerenganso patapita sabata. Posimba anati Fisi anamangidwa chifukwa ankafuna uchi wambiri, ndipo atafika pa Kamba anatsegula buku, nabwerera pa tsamba 16, n'kundilozera kamphika ka ulimbo pakona.